Kutsitsa oda ya ikwezhoni ukadziwa kale yankho limodzi: zalakwika pati?

Funso: "Aphunzitsi, ndili chaka chachiwiri, kosi ya ma difarenshali ikwezhoni. Atipatsa x y'' − (x+1) y' + y = 0 nkutiuza kuti y1 = e^x ndi yankho limodzi, ife tipeze lachiwiri. Ndagwiritsa ntchito fomula ya mu notsi koma ndikuthera pa intigrolo ya e^(x²/2 − x) yomwe sikutheka olo pang'ono. Ndalakwitsa pati? Komanso v amene timachulukitsa ndi y1 uja amachokera kuti, kapena nzongoloweza basi?"

Mwalakwitsa pa sitepe yoyamba yeniyeni, musanayambe nkomwe kuintigireta. Fomula ya mu notsi ija imagwira ntchito pokhapokha y'' ali yekha, kutsogolo kwake kulibe kanthu, pomwe ikwezhoni yanuyi y'' ali ndi x kutsogolo. Inu mwangotenga −(x+1) nkumuyesa p, koefishenti ya y' ya mu fomulayo, osayamba mwagawa zonse ndi x, ndiye x²/2 uja ndi momwe wabadwira. Tibwereranso pamenepa, koma ndikufuna tiyambe taisiya kaye fomulayo pambali tipange ndi manja, chifukwa mukaona kamodzi momwe zimayendera simudzavutikanso kuloweza, ndipo funso lanu lachiwiri la v lija liziyankha lokha panjira.

Ganizo lake ndi ili. Ikwezhoni yanu ndi ya liniya komanso kumanja kuli 0, ndiye ngati e^x ndi yankho, 5e^x nalonso ndi yankho, −2e^x chimodzimodzi, nambala iliyonse yosasintha mungachulukitse nayo zikhala bwinobwino. Koma mayankho onsewa ndi a banja limodzi, palibe chatsopano, pomwe ikwezhoni ya oda 2 imafuna mayankho awiri oti lina silichokera pongochulukitsa linzake ndi nambala. Ndiye timati, bwanji m'malo mwa nambala yosasinthayo tiikepo fankishoni, tiitche v(x), tione kuti iyenera kukhala yotani kuti v kuchulukitsa ndi e^x ikwanebe mu ikwezhoni. Apa anthu ambiri amaganiza kuti tikungoyesa mwayi. Ayi sichoncho. Fankishoni iliyonse y mungathe kuilemba ngati v kuchulukitsa ndi y1 paliponse pomwe y1 si 0, mungotenga v = y/y1 basi, ndiye palibe yankho lomwe tikulitaya, tangosintha dzina la chomwe tikufunafuna. Poyamba timafuna y, tsopano tikufuna v.

Tiyeni tilembe. Samalani ndi lamulo lodifarenshiyeta zinthu ziwiri zochulukitsana, makamaka 2 wa pakati pa y'' uja amene anthu amakonda kumuiwala.

```
y   = v e^x
y'  = (v' + v) e^x
y'' = (v'' + 2v' + v) e^x
```

Tikalowetsa izi mu ikwezhoni, e^x akupezeka m'chigawo chilichonse ndipo sakhala 0 pena paliponse, ndiye timuchotse pogawa. Chotsala ndi ichi:

```
x(v'' + 2v' + v) − (x+1)(v' + v) + v = 0
```

Tsopano osathamangira kutsegula mabulaketi mwachisawawa, sonkhanitsani potengera v'', v' ndi v, chilichonse pachokha. Za v'' pali x yekha. Za v' pali 2x kuchotsa (x+1), kutsala x − 1. Za v pali x, kuchotsa (x+1), kuphatikiza 1, ndipo zonsezi zikupereka 0. Ndiye v wopanda kadontho wasowa, tatsala ndi

```
x v'' + (x − 1) v' = 0
```

Kusowa kwa v kumeneku ndiye mtima wa njira yonseyi ndipo sizinangochitika mwangozi pa funso ili lokha. Ganizani motere: tanena kale kuti v akakhala nambala yosasintha, mwachitsanzo v = 1, ndiye kuti y ndi yankho. Ndiye ikwezhoni yatsopano ya v ija iyenera kuvomera v = 1. Koma v akakhala 1, v' ndi v'' onse ndi 0, chotsala ndi koefishenti ya v yokha, ndiye koefishentiyo ilibe kuchitira mwina koma kukhala 0. Mukayang'anitsitsa muona kuti zomwe zimaunjikana pa v ndi ikwezhoni yoyamba yomwe ija y1 atalowetsedwamo, ndipo imeneyo ndi 0 poti y1 ndi yankho. Izi zikupatsani njira yodzichongera nokha mu mayeso. Mukasonkhanitsa nkupeza kuti v wakana kuchoka, imani pompo, musapitirire. Mwina mwaphonya podifarenshiyeta, mwina chizindikiro cha kuchotsa kutsogolo kwa bulaketi chakupusitsani, kapena y1 amene muli nayeyo si yankho nkomwe, mwina munakopera molakwika pa bolodi. Nchifukwa chake ine ndimati musanayambe chilichonse lowetsani y1 mu ikwezhoni muone ngati ikupereka 0, ndi mzere umodzi wokha: x e^x − (x+1) e^x + e^x = 0, yatheka.

Poti v kulibe, pali v' ndi v'' okha, titha kumupatsa v' dzina lina, w = v', ndiye v'' akhala w'. Ikwezhoni ya oda 2 ija yasanduka ya oda 1, ndipo dzina loti kutsitsa oda likuchokera pamenepa. Yotsalayi ndi ija munaphunzira kumayambiriro kwa kosi, yolekanitsa w mbali ina x mbali ina. Tigwire ntchito pa x > 0, chifukwa chake ndifotokoza kutsogoloku.

```
x w' + (x − 1) w = 0
w'/w = 1/x − 1
ln|w| = ln x − x + c
w = C x e^(−x)
```

Apa pali kamsampha kena kakang'ono: ena akapeza w amasangalala nkuchulukitsa ndi e^x nthawi yomweyo nkulemba kuti yankho lachiwiri ndi x. Ayi, w ndi v', sanafike pa v, mukuyenera kuintigireta kachiwiri. Mutayesa y = x mu ikwezhoni mupeza −(x+1) + x = −1, osati 0, ndiye mudziwiratu kuti china chake chatsala. Intigrolo ya x e^(−x) ndi ya bayi patsi, imapereka −(x+1) e^(−x), ndiye

```
v = −C (x+1) e^(−x) + D
y = v e^x = −C (x+1) + D e^x
```

Taonani zomwe zachitika. D uja wangotibwezera e^x yemwe tinali naye kale, chatsopano chabwera ndi C, ndipo ndi x + 1. Chizindikiro cha kuchotsa chija chilibe ntchito, chimalowa mu nambala yosasinthayo. Ndiye y2 = x + 1, ndipo kuchonga kwake nkosavuta moti palibe chifukwa chodumphira: y2' = 1, y2'' = 0, ndiye −(x+1) + (x+1) = 0. Yankho lonse ndi y = A e^x + B(x+1). Ngati funso likungofuna y2 yekha mutha kutenga D = 0 ndi C aliyense amene si 0, koma mukasunga onse awiri mumapeza yankho lonse kamodzinkamodzi, zomwe ine ndimakonda.

Tsopano fomula yanu ija. Mukachita zomwe tachitazi koma ndi zilembo, pa ikwezhoni yolembedwa y'' + p y' + q y = 0, mumapeza y1 v'' + (2y1' + p y1) v' = 0, ndipo mukalekanitsa nkuintigireta kawiri mumafika pa

```
y2 = y1 ∫ [ e^(−∫p dx) / y1² ] dx
```

Onani kuti poyambira pake y'' ali yekha. Ndiye pa funso lanu muyambe mwagawa ndi x, p akhala −(x+1)/x, yemwe ndi −1 − 1/x. Kuchotsa intigrolo ya p kukupatsa x + ln x, e kukwezedwa pamenepo ndi x e^x, mukagawa ndi y1² yemwe ndi e^(2x) mutsala ndi x e^(−x), w yemwe uja tamupeza ndi manja. Inu munatenga p = −(x+1), kuchotsa intigrolo yake kunakupatsani x²/2 + x, mutagawa ndi e^(2x) nkutsala e^(x²/2 − x). Masamu anu onse kuchokera pamenepo anali olondola, kungoti mumayankha funso lina, la y'' − (x+1) y' + ... lomwe e^x si yankho lake mukasiya y ali ndi koefishenti 1. Ndipo zoona intigrolo imeneyo singalembedwe ndi ma fankishoni wamba amene timawadziwawa, olo mutachezera nayo usiku wonse. Kunena zoona ine fomulayi sindiilimbikitsa kwa munthu amene akuphunzira kumene. Imabisa sitepe ya v kusowa ija, ndiye y1 akakhala wolakwika kapena p wolakwika imangokupatsani chinachake osadandaula, pomwe njira ya manja imakuwa yokha zikalakwika. Komanso njira ya manja sifuna kuti mugawe ndi x poyamba, mwaona tangolowetsa momwe ikwezhoni inalili.

Koma ndisakusiyeni ndi maganizo oti intigrolo ikakana ndiye kuti mwalakwitsa nthawi zonse. Tengani y'' − x y' + y = 0. Apa y1 = x ndi yankho, yesani muona −x + x = 0, ndipo y'' ali kale yekha, p = −x. Fomula ikupatsani intigrolo ya e^(x²/2) kugawa ndi x², yomwe nayonso sitheka ndi ma fankishoni wamba, chonsecho palibe chalakwika. Yankho lachiwiri lilipo ndithu, limangosiyidwa lili mu intigrolo kapena kulembedwa ngati pawa siriizi. Ndiye mukakumana ndi intigrolo yokana, chochita nkubwerera kukaona zinthu ziwiri, ngati y1 akukwanadi mu ikwezhoni komanso ngati p munamutenga mutagawa kale, zonse zikakhala bwino siyani yankho mu intigrolo momwemo. Mu mayeso a chaka chachiwiri kawirikawiri mafunso amasankhidwa oti intigrolo ituluke, ndiye kukana kwake kukuchenjezeni, koma kunja kwa mayeso ikwezhoni siisamala zoti inu muthe kuintigireta.

Nkhani ya x > 0 ija tsopano, ndipo apa ndi pomwe funso lanuli likukoma. Kuti titsimikize kuti mayankho awiri ndi odziimira paokha timawerengera Ronsikiyani, dzina lochokera kwa Wronski wa ku Poland, W = y1 y2' − y1' y2. Pa ife:

```
W = e^x · 1 − e^x (x+1) = −x e^x
```

Pa x > 0 iyi si 0, ndiye zili bwino. Onaninso kuti x e^x ameneyu ndi yemwe uja tinamupeza pa e^(−∫p dx). Sizodabwitsa, ndi lamulo la Abel, katswiri wa ku Norway uja anamwalira mu 1829 ali ndi zaka 26 zokha: W nthawi zonse ndi nambala yosasintha kuchulukitsa ndi e^(−∫p dx). Ndipotu fomula ya mu notsi ija ndi lamulo lomweli litavala malaya ena, chifukwa derivetivu ya y2/y1 ndi W/y1², ndipo y2/y1 ndiye v wathu. Mukaiwala fomula mu mayeso mutha kuibweza kuchokera apa mu mizere iwiri.

Koma taonani pa x = 0, W ndi 0. Wina anganene kuti ndiye kuti e^x ndi x + 1 si odziimira paokha, zomwe nzosatheka, wina ndi mzere wowongoka wina ndi wokhota, sungapeze mmodzi pochulukitsa mnzake ndi nambala. Chomwe chikuchitika nchoti lamulo lija loti W sakhala 0 pena paliponse limagwira pa chigawo cha x chomwe p ndi q alibe podukira, pomwe p wathu ali ndi 1/x, pa 0 amaphulika. Ma fankishoni awiriwo pa 0 ali bwinobwino, vuto lili ndi ikwezhoniyo. Ikani x = 0 mu ikwezhoni yoyamba muone, y'' akufa, kutsala −y'(0) + y(0) = 0, kutanthauza kuti yankho lililonse lodutsa bwino pa 0 likukakamizidwa kukhala ndi y'(0) wofanana ndi y(0). Ndipo zoonadi e^x pa 0 ndi 1, derivetivu yake 1, x + 1 pa 0 ndi 1, derivetivu yake 1. Ndiye wina atakupatsani y(0) = 1 ndi y'(0) = 3 palibe yankho, atakupatsani y(0) = 1 ndi y'(0) = 1 mayankho ndi osawerengeka, A ndi B aliyense bola akaphatikizana apereke 1. Nchifukwa chake mafunso otere amalemba x > 0 pambali ndipo mfundo zoyambira amazipereka pa x = 1 kapena pena, si zokongoletsa ayi. Pa x < 0 mayankho ndi omwewa, kungoti mbali ziwirizi muzizitenga padera.

Kuphulika kwa p nkosiyana ndi y1 kukhala 0, osazisokoneza. Pa y'' + y = 0 mutatenga y1 = sin x, fomula ikupatsani intigrolo ya 1/sin²x, yomwe ndi −cot x, ndipo imeneyi imaphulika paliponse pomwe sin x ndi 0. Koma mukachulukitsa ndi sin x mupeza −cos x, wabwinobwino paliponse. Apa amene amavutika ndi v yekha chifukwa tagawa ndi y1, ikwezhoniyo ilibe vuto, ndiye mumagwira ntchito pakati pa 0 ndi π, mukapeza y2 nkumuchonga mu ikwezhoni, akakwana ndiye kuti akugwira ponseponse.

China chomwe notsi zambiri sizitsindika nchoti njira ya manjayi imagwiranso kumanja kukakhala kuti si 0, pomwe fomula ija siingathe. Tisinthe funso lanu likhale x y'' − (x+1) y' + y = x². Chofunika nchoti y1 akhale yankho la ija ya 0 kumanja, ndiye e^x akadali wathu. Kumanzere zonse zikhala momwe zinalili, kungoti pochotsa e^x mukumbuke kugawanso kumanja, apa ndi pomwe ambiri amagwera.

```
x w' + (x − 1) w = x² e^(−x)
w' + (1 − 1/x) w = x e^(−x)
```

Iyi kulekanitsa sikutheka, koma ndi ya liniya ya oda 1, ndiye timagwiritsa ntchito intigiretingi fakitala, yemwe apa ndi e^x/x. Mukachulukitsa naye mbali zonse, kumanzere kukhala derivetivu ya w e^x/x, kumanja kungotsala 1.

```
w e^x / x = x + C
w = x² e^(−x) + C x e^(−x)
v = −(x² + 2x + 2) e^(−x) − C(x+1) e^(−x) + D
y = −(x² + 2x + 2) − C(x+1) + D e^x
```

Mu −(x² + 2x + 2) muja muli −2(x+1), yemwe angathe kulowa mwa C, ndiye yankho laudongo ndi y = −x² + A e^x + B(x+1). Chongani −x² yekha: x kuchulukitsa −2 ndi −2x, kenako −(x+1)(−2x) ndi 2x² + 2x, kenako −x², zonse pamodzi x². Mwapeza zonse zitatu ulendo umodzi, osafunika kuyamba mwapeza y2 kenako nkuyambanso variyeshoni ya ma paramita. Ndipo mnzanu akapeza −x² inu nkupeza −x² − 2x − 2 musakangane, nonse mwakhoza.

Mwina simunazindikire koma njirayi munakumana nayo kale. Muja munauzidwa kuti ma ruti a ikwezhoni yothandizira akakhala ofanana muzingochulukitsa ndi x, x ameneyo amachokera kuno. Yesani y'' + 6y' + 9y = 0 ndi y1 = e^(−3x), muona v akusowa, v' nayenso akusowa chifukwa 2y1' + p y1 ndi −6 kuphatikiza 6, kutsala v'' = 0, ndiye v = Cx + D. Komanso ln x amene amatulukira pa ikwezhoni za Cauchy ndi Euler, monga x² y'' − 3x y' + 4y = 0 pomwe y1 = x² ndipo y2 = x² ln x, ndi njira yomweyi. Imeneyi muyese nokha, mukafika pa x v'' + v' = 0 ndiye kuti muli pa njira yabwino. Chomwe musachite nkutenga lamulo la kuchulukitsa ndi x lija nkumaligwiritsa ntchito paliponse, pa funso lanuli x e^x si yankho, mukamulowetsa atsala (x − 1) e^x.

Malire ake enieni a njirayi ndi awiri. Ikwezhoni ikhale ya liniya, mukakhala y² kapena y y' ganizo lonse la kuchulukitsa ndi nambala lija lagwa ndipo v sachoka. Kwinako nkoti y1 muyenera kukhala naye kale, njirayi siikupezerani. Tsiku lina akadzapanda kukupatsani, pa ikwezhoni ya a y'' + b y' + c y = 0 yambani mwaphatikiza ma koefishenti atatuwo, a + b + c ikakhala 0 ndiye kuti e^x ndi yankho, ndipo pa yanuyi x − (x+1) + 1 ndi 0 ndithu, mukanamupeza nokha. Ikakhala a − b + c ndiyo 0, yankho ndi e^(−x). Ndipo b + x c ikakhala 0 ndiye y = x akukwana, monga zinalili pa y'' − x y' + y = 0 ija. Zikakanika zonsezi yesani x^m kapena polinomiyo yaifupi.

Ngati mukufuna kuyesa dzanja pa funso lomweli, litembenuzeni, muyambe ndi y1 = x + 1 muone ngati mufika pa e^x. Mukumana ndi intigrolo ya x e^x/(x+1)², yomwe imaoneka yoopsa koma yankho lake ndi e^x/(x+1), mudifarenshiyete mutsimikize, kenako muchulukitse ndi x + 1.